Chitseko, chimbudzi ndi shawa: masamu a m'bafa musanathire simenti

Mukamayenda m'chigwa cha Domasi, kuchokera ku msika wa Songani kutsata msewu wa M3 wopita ku Liwonde, muona mabafa a mitundu iwiri. Makomo ambiri ali ndi bafa lapanja, laudzu kapena lanjerwa, ndipo chimbudzi chokumba chili pachokha chapatali. Bafa lotere nthawi zambiri silikhala ndi chitseko. Pakhomo pamakhala nsalu, kapena khoma limangokhota kuti wodutsa asaone mkati. Koma nyumba zatsopano zomwe zikumangidwa komwe kwafika madzi a m'mipope zikulowetsa zonse mkati: chimbudzi chamadzi, shawa ndi sinki, m'kachipinda kamodzi kokhala ndi chitseko.

Apa ndi pomwe pamabadwa vuto lomwe bafa lapanja linalibe. Mwina munalowapo m'bafa lomwe chitseko chake chimati chikangotseguka pang'ono, gu! pa chimbudzi, ndiye munthu n'kumalowa cham'mbali ngati nkhanu. Kapena lija loti wina akasamba, madzi amakafika mpaka mu kolido. Zoterezi sizichitika chifukwa chipinda ndi chaching'ono chabe. Zimachitika chifukwa palibe anawerengera malo asanathire simenti. Masamu ake ndi omwe mumaphunzira kale m'kalasi, a mu silabasi yomwe imakonzedwa ku Malawi Institute of Education, konkuno ku Domasi: kujambula pa sikelo, malo a bwalo, ndi lamulo la Pythagoras.

Chinthu chilichonse chimadya malo kawiri

Mfundo yaikulu ndi imodzi. Chinthu chilichonse cha m'bafa chili ndi malo omwe chimakhalapo chokhacho, komanso malo omwe munthu amafuna kuti achigwiritse ntchito. Malo oyambawo amaoneka ndi maso. Achiwiriwo saoneka, n'chifukwa chake amaiwalika.

Tiyambe ndi chimbudzi. Chimbudzi chokhalira, pamodzi ndi thanki yake yamadzi kumbuyo, chimatuluka kuchokera kukhoma masentimita pakati pa 65 ndi 70, ndipo m'lifupi sichipitirira kwenikweni masentimita 40. Koma munthu akakhalapo, mawondo amapitirira kutsogolo, zigongono zimafuna malo m'mbali, ndipo poimirira thupi limayamba laweramira kutsogolo. Malamulo a zomangamanga a ku America otchedwa International Residential Code amati kuchokera pakati pa chimbudzi kukafika kukhoma lam'mbali pasachepere mainchesi 15, omwe ndi masentimita 38, ndipo kutsogolo pasachepere mainchesi 21, omwe ndi masentimita 53. Amenewo ndi malire otsikitsitsa. Ife m'nkhani ino tigwiritsa ntchito manambala osavuta kukumbukira komanso opatsa mpata: masentimita 40 mbali iliyonse kuchokera pakati, ndi masentimita 60 kutsogolo. Ndiye kuti chimbudzi cha masentimita 40 m'lifupi chimafuna malo a masentimita 80 m'lifupi ndi 130 m'litali.

Shawa nayo ndi chimodzimodzi. Malamulo omwewo amalola shawa ya mainchesi 30, kapena kuti masentimita 76, mbali yaifupi. Koma taganizani mmene timasambira kuno. Madzi akasiya kutuluka, kapena m'mwezi wa Juni pomwe mphepo yochokera kuphiri la Zomba ndi la Malosa ikuluma, munthu amalowa ndi ndowa ya madzi ofunda n'kunjuta. Ndowa ya malita 20 payokha ndi pafupifupi masentimita 30 kukamwa, ndipo beseni limaposa pamenepo. Munthu wonjuta ndi ndowa yake sakwana bwino pa masentimita 76. Choncho tiyeni tiike 90 ngati malire athu.

Tsopano chitseko. Chikatsekedwa chimaoneka ngati sichidya malo, poti ndi thabwa la masentimita 4 okha kunenepa. Koma chikamatseguka, nsonga yake imayenda mozungulira mahinjesi n'kujambula kota ya bwalo. Zitseko zambiri zam'kati zomwe zimagulitsidwa m'mashopu a zomangira ndi za masentimita 81 m'lifupi, zina 76. Malo omwe chitseko cha 81 chimasesa timawapeza chonchi:

```
A = (π × r²) ÷ 4
A = (3.14 × 0.81 × 0.81) ÷ 4 = 0.52 m²
```

Kupitirira pang'ono theka la sikweya mita, ndipo m'malo amenewo simungaike chinthu chilichonse chokhazikika.

Lamulo lotsogolera ndi ili: malo a munthu amatha kubwerekana, koma njira ya chitseko singabwerekane ndi chinthu chomangidwa. Malo omwe mumaima posamba m'manja angathe kukhala omwewo omwe mumadutsa popita ku shawa, chifukwa simuchita ziwirizi nthawi imodzi. Koma chimbudzi sichisuntha kuti chitseko chidutse.

Chipinda chathu choyeserera

Tiyerekeze banja lina chakufupi ndi Songani likumanga nyumba, ndipo lasiya kachipinda ka pakona kuti kakhale bafa. Mmisiri wayeza ndi tepi kuchokera pa njerwa kufika pa njerwa, wapeza masentimita 155 m'lifupi ndi 245 m'litali.

Manambala amenewa si oti tiwagwiritse ntchito. Khoma lililonse lipakidwa pulasitala wa pafupifupi sentimita imodzi ndi theka, kenako matailosi ndi zomatira zake, pafupifupi sentimita ina imodzi. Ndiye khoma lililonse likuba masentimita 2.5, ndipo makoma awiri oyang'anana akuba 5. Chipinda chenicheni chomwe munthu adzalowemo ndi cha 150 ndi 240. Malo onse ndi 3.6 m², ndipo chitseko chija chikutenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri.

Imani pakhomo m'maganizo mwanu, kuyang'ana mkati. Khomo lili pa khoma lalifupi, la 150, loyang'ana mu kolido. Khoma la kumanzere kwanu ndi lamkati, kuseri kwake kuli chipinda chogona. Khoma la kumanja ndi lakunja, ndipo khoma lomwe mwayang'anizana nalo, lokhala ndi windo, nalonso ndi lakunja. Felemu ya chitseko yaikidwa kuti mahinjesi akhale masentimita 10 kuchokera pa khoma la kumanzere, ndipo chitseko cha 81 chizitsegukira mkati n'kukagona kukhoma limenelo.

Chimbudzi chiyenera kutsamira khoma lakunja. Chifukwa chake ndi paipi. Paipi ya chimbudzi ndi yaikulu, ya mamilimita 110, ndipo imayenera kupita ku thanki ya zonyansa motsetsereka pang'onopang'ono komanso popanda kukhotakhota, apo ayi imatsekeka. Njira yaifupi ndi kuboola khoma kumbuyo kwa chimbudzi n'kutulukira panja. Choncho chimbudzi chikhala pa khoma la kumanja, kuyang'ana kumanzere. Chikatuluka masentimita 70, kutsogolo kwake kutsala 80. Apo zili bwino, tadutsa 60 uja. Funso latsala ndi lakuti: pa khoma la masentimita 240 limenelo, chikhale pati?

Pulani yoyamba: chimbudzi pafupi ndi khomo

Anthu ambiri amaganiza kuti chimbudzi chikhale pafupi ndi khomo kuti malo ambiri atsalire kosambira. Tiyerekeze mmisiri waboola paipi masentimita 30 kuchokera pa khoma la khomo. Kodi chitseko chidutsa?

Simufunika kudikira kalipentala kuti mudziwe. Chitseko chimakhudza chilichonse chomwe chili pafupi ndi mahinjesi kuposa m'lifupi mwake. Ndiye tipeze mtunda wowongoka kuchokera pa mahinjesi kukafika pa mlomo wakutsogolo wa chimbudzi. Chopingasa, mlomowo uli masentimita 80 kuchokera pa khoma la kumanzere, ndipo mahinjesi ali pa 10, kusiyana kwake ndi 70. Cholowa mkati, uli pa 30. Mizere iwiriyi imakumana pa madigiri 90, ndiye Pythagoras akugwira ntchito:

```
d = √(70² + 30²) = √5800 = 76 cm
```

76 ndi wochepa kuposa 81. Chitseko chigunda, ndipo chigunda chisanatseguke ngakhale madigiri 25. Kampata kotsalako mwana wa sitandade 1 yekha ndiye angadutse bwino. Palinso vuto lachiwiri: 30 ndi wochepa kuposa 40 uja wa m'mbali, kotero phewa la wokhala pa chimbudzi lizikhula khoma.

Bwanji tikankhire pa 40? Yesani nokha pa kakyuleta: √(70² + 40²) ndi 80.6. Chikugundabe, ngakhale ndi pang'ono pokha. Apa m'pomwe ena amapala chitseko kapena kuchotsa chivundikiro cha chimbudzi, koma vuto silichoka.

Titha kutembenuza funso. Tikufuna mpata wa masentimita 5 pakati pa nsonga ya chitseko ndi chimbudzi, ndiye mtunda ukhale 86. Kodi chimbudzi chikhale patali bwanji?

```
y = √(86² − 70²) = √2496 = 50 cm
```

Pa 50 chitseko chikudutsa. Koma paja tinati chinthu chilichonse chimadya malo kawiri. Munthu wamkulu akakhala, mawondo ndi mapazi amapitirira mlomo wa chimbudzi ndi masentimita pafupifupi 25, ndipo bondo la kufupi ndi khomo limakhala pafupifupi 15 kuchokera pakati. Bondo limenelo lili pa 45 chopingasa ndi 35 cholowa mkati kuchokera pa mahinjesi, mtunda wake ndi 57. Wina akangokankha chitseko loko ataiwalika, thabwa lonse lithera pa bondo. Pulani yoyamba yakanika.

Pulani yachiwiri: kuyambira kumapeto

Njira yabwino ndi kuyamba ndi chinthu chonyowa kwambiri n'kuchiika kutali ndi khomo. Shawa itenge kumapeto konse, pansi pa windo: masentimita 150 m'lifupi ndi 90 kulowa. Malo ouma otsala ndi 150 ndi 150.

Kuchokera pa malire a shawa, bwererani masentimita 40 n'kuika pakati pa chimbudzi. Ndiye kuti chili pa 110 kuchokera pa khoma la khomo, ndipo malo ake a 80 akuyambira pa 70 kukafika pa 150. Masentimita 70 otsala pafupi ndi khomo, kukhoma la kumanja lomwelo, ndi a sinki yaing'ono, ya 45 m'lifupi yotuluka 35 kuchokera kukhoma.

Tiyesenso ndi chitseko. Mlomo wa chimbudzi uli pa 70 ndi 110, mtunda wake ndi 130. Bondo la wokhalapo lili pa 45 ndi 95, mtunda wake ndi 105. Kona ya sinki yoyandikira, ngati sinkiyo yayambira pa 15 kuchokera pa khoma la khomo, ili pa 105 ndi 15, mtunda wake ndi 106. Onse atatu akuposa 81 ndi mpata wokwanira. Chitseko chikatseguka chonse chimagona kukhoma la kumanzere n'kuthera pa 81, kutali ndi madzi a shawa omwe akuyambira pa 150.

Taonani kuti chipinda sichinakule ngakhale ndi sentimita imodzi. Zomwe zasintha ndi ndondomeko ya zinthu: sinki, yomwe imatuluka pang'ono, yakhala moyang'anana ndi njira ya chitseko, ndipo chimbudzi, chomwe chimatuluka kwambiri, chapita komwe chitseko sichifika. Palinso phindu lina. Zinthu zonse zitatu zili pa khoma limodzi lakunja, ndiye mapaipi onse ndi aafupi, ndipo chinachake chikadzatsekeka pulambala adzagwira ntchito panja osaswa matailosi.

Pali malo amodzi omwe akubwerekana: woima pa sinki waima m'njira ya chitseko. Zimenezi n'zololeka m'bafa la munthu mmodzi, chifukwa woimirira amatha kusuntha msanga, zomwe wokhala pa chimbudzi sangathe.

Nanga mahinjesi akanakhala mbali inayo ya felemu? Chitseko chikanatsegukira kumanja, n'kukagunda sinki, n'kuima pakati pa chipinda ngati khoma. Felemu zachitsulo zimabwera mahinjesi atawotchereredwa kale mbali imodzi, ndipo zimamangidwira m'khoma njerwa zikukwera. Choncho funso lakuti chitseko chitsegukire kuti liyenera kuyankhidwa felemu isanagulidwe. Mwachidule, mahinjesi akhale mbali yoyandikira khoma lopanda kanthu.

Khoma la shawa nalo limadya malo

Madzi a shawa sadziwa malire omwe mwajambula. Amagwa pa thupi n'kuthovokera mbali zonse, ndipo chimbudzi chomwe chili pafupi chimanyowa pamodzi ndi pepala lake. Pamafunika chotchinga. Katani wa pulasitiki sadya malo. Koma ambiri amakonda kakhoma, chifukwa sikang'ambika.

Kakhoma ka njerwa imodzi yogonekedwa m'litali ndi pafupifupi masentimita 11. Onjezani pulasitala ndi matailosi mbali zonse ziwiri, kakufika pa 16. Masentimita 16 amenewa ayenera kuchokera penapake. Mukawachotsa ku shawa, itsala 74, ndipo munthu wa ndowa uja sakwananso. Mukawachotsa ku malo ouma, chimbudzi chisunthira chakukhomo, kuchoka pa 110 kufika pa 94. Tiyesenso: bondo likhala pa 45 ndi 79, mtunda wake ndi 91. Chitseko chikudutsabe, koma mpata watsika kufika pa 10. Malo a sinki nawo atsika kuchoka pa 70 kufika pa 54, ndipo sinki ya 45 ikukwana mothinana, itakankhidwira kukona. Zikutheka, koma pokhapokha kakhomako kali pa pulani kuyambira pachiyambi. Kakabwera mochedwa, paipi ya chimbudzi itaikidwa kale pa 110, kalanda malo a chigongono ndipo patsala 24 okha m'malo mwa 40.

Kakhomako kasatsekenso njira. Ngati katalika masentimita 80 kuchokera pa khoma la kumanja, kabisa chimbudzi chonse n'kusiya polowera pa masentimita 70 kumanzere.

Pansi pamagundanso

Mpaka pano takhala tikuyang'ana chipinda kuchokera pamwamba ngati mbalame. Koma chitseko chithanso kugunda pansi. Pansi pa shawa pamayenera kutsetsereka kupita pa kabowo kotulutsa madzi, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse, komwe amalemba kuti 1:50. Ngati kabowoko kali pa kona ya kumanja, kona yakutali ya shawa ili pa mtunda wa √(150² + 90²), womwe ndi 175, ndiye iyenera kukwera ndi masentimita atatu ndi theka.

Kutsetsereka kumeneku kungapezeke m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kutsitsa pansi pa shawa ndi masentimita angapo pa nthawi yothira konkire. Yachiwiri, yomwe imachitika anthu akakumbukira mochedwa, ndi kuunjika simenti pamwamba kuti pansi pa bafa lonse pakwere. Njira yachiwiriyi ndi yomwe imabweretsa mavuto. Pansi pakakwera m'njira ya chitseko, chitseko chimakhula matailosi chikafika pakati, ndipo ngati pansi pa bafa patalika kuposa mu kolido, madzi amatuluka pansi pa chitseko. Zizindikiro zake ndi zosavuta kuona: mzere wokhota wokalika pa matailosi, ndi thabwa lotupa kapena lofutuka kumunsi kwa chitseko. Kuno ku Zomba, m'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, thabwa limayamwa chinyezi cha mumpweya n'kutupa. Chitseko chomwe chimadutsa movutikira mu Okutobala chimakanirira mu Januwale. Kusiya mpata wa sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka pansi pake kumathetsa kukhulako, komanso kumalola mpweya kulowa kuti bafa liume.

Nkhani ya konkire ikukhudzanso chimbudzi. Zimbudzi zina zimatulutsira kumbuyo, paipi n'kudutsa pakhoma pafupifupi masentimita 18 kuchokera pansi. Zina zimatulutsira pansi, paipi n'kukwiriridwa mu konkire, ndipo mtunda wake kuchokera kukhoma umasiyana malinga ndi mtundu wa chimbudzi. Paipi ikakhala kutali kwambiri ndi khoma, chimbudzi chonse chimasunthira kutsogolo, ndipo 70 wathu uja amasanduka 80. Masamu onse a chitseko asokonekera pomwepo. N'chifukwa chake amisiri odziwa ntchito amauza mwini nyumba kuti agule chimbudzi, kapena akachiyeze ku shopu, paipi isanaikidwe.

Bwanji chitseko chingotsegukira kunja?

Ili ndi funso labwino, ndipo nthawi zina ndilo yankho lenileni. Chitseko chotsegukira kunja chimabweza theka la sikweya mita lija m'bafa. Chilinso ndi ubwino wina wokhudza moyo. M'bafa ndi moterera, ndipo anthu okalamba, odwala khunyu kapena amayi oyembekezera amatha kugweramo. Munthu akagwa m'kachipinda kakang'ono, thupi lake limatsamira chitseko chotsegukira mkati, ndipo ofuna kumuthandiza akamakankha amamupweteka. Ichi n'chifukwa chake zimbudzi zokonzedwera anthu olumala zimakhala ndi zitseko zotsegukira kunja kapena zokankhira m'mbali.

Mtengo wake ndi wakuti kota ya bwalo ija sinathe, yangosamukira mu kolido. Ngati kolido ndi wa mita imodzi m'lifupi, chitseko cha 81 chikatseguka chimasiya masentimita 19, ndipo mlongo wanu wonyamula mbale ya nsima akhoza kukumana nacho. Ndiye muyenera kujambulanso kolidoyo, pamodzi ndi zitseko za zipinda zoyandikana, kuti muone ngati njira zake sizikudutsana. Chitseko chokankhira m'mbali sichisesa malo, koma chimafuna khoma lopanda kanthu lotalika ngati chitsekocho, ndipo sichitseka phokoso ndi fungo bwino.

Tinenenso malire a pulani yathu. Njinga ya olumala imafuna bwalo lopanda chopinga la masentimita 150 kuti itembenuke. Malo athu ouma ndi 150 ndi 150, koma muli chimbudzi ndi sinki, ndiye bwalolo silikwana. Komanso chitseko cha 81 chikatseguka, mpata weniweni wodutsa umakhala pafupifupi 75, chifukwa felemu ndi kunenepa kwa chitseko zimadyako. Ngati m'banjamo muli wogwiritsa ntchito njinga yotere, kusinthasintha malo a zinthu sikuthandiza. Chipindacho chiyenera kukula, ndipo khomo liyenera kukhala lalikulu.

Yesani pa pepala, kenako pabwalo

Tengani pepala la timabokosi, rula ndi kampasi ya m'bokosi lanu la masamu. Gwiritsani ntchito sikelo ya 1:20, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa pepala ikuimira 20 pansi. Chipinda chathu chikhala masentimita 7.5 ndi 12. Tsegulani kampasi kufika pa masentimita 4 ndi kachidutswa kakang'ono, baya pa mahinjesi, jambulani kota ya bwalo. Kenako dulani timapepala ta chimbudzi, sinki ndi shawa, koma chilichonse mudule pamodzi ndi malo ake a munthu, mutawapaka mtundu wina. Chimbudzi chikhala kapepala ka 4 ndi 6.5, pomwe chimbudzi chenichenicho ndi 2 ndi 3.5 mkati mwake. Sunthani timapepalato mpaka mutapeza pomwe chinthu cholimba chilichonse chili kunja kwa mzere wa kampasi.

Pepala likavomera, pitani pabwalo losesedwa. Jambulani chipindacho pa dothi pa kukula kwake kwenikweni, ndi phulusa kapena kamtengo. Kuti makona akhale a madigiri 90, yezani 60 mbali imodzi ndi 80 mbali inayo, ndipo mtunda wa pakati pa nsonga ziwirizo ukhale 100, womwe ndi 3, 4, 5 uja amisiri amagwiritsa ntchito poyala maziko. Khomani chikhomo pa malo a mahinjesi, mangani chingwe cha masentimita 81, ndipo ndi kamtengo kunsonga kwake jambulani njira ya chitseko. Ikani mpando pa malo a chimbudzi, mlomo wake uthere pa 70 kuchokera pa mzere wa khoma, ndipo muitane munthu wamtali kwambiri pakhomopo akhalepo. Mnzanu ayendetse chingwe chija ali chikokere. Chikakhudza bondo, pulani ibwerere pa pepala. Kenako ikani ndowa m'malo a shawa, munjute pambali pake, mutambasule zigongono ngati mukudzikhula kumsana, ndipo muone ngati mwadutsa mzere.

Mukapeza pulani yomwe yadutsa mayeso onsewa, lembani manambala anayi pa pepala lomwe mupatse amisiri: mbali ya mahinjesi ndi komwe chitseko chizitsegukira, mtunda wa pakati pa chimbudzi kuchokera pa khoma lomalizidwa, malire a shawa pamodzi ndi kunenepa kwa kakhoma kake, ndi masentimita omwe pansi pa shawa patsike. Pa nambala iliyonse lembani ngati mwayeza kuchokera pa njerwa kapena pa matailosi, chifukwa mmisiri amayeza pa njerwa, pomwe inu mwawerengera pa khoma lomalizidwa. Mu chipinda chathu, 110 wa pa pulani ndi 112.5 pa tepi ya mmisiri.